Kusintha mtundu wa galimoto pa chithunzi popanda kupha kuwala kwa penti ndi kwa kromu

Galimoto imene yasinthidwa mtundu molakwika imadziwika pa boneti. Pamene pankaoneka thambo ndi mitambo pamakhala pali utoto wa bii, zogwirira za zitseko zasanduka zabuluu ngati zapulasitiki, ndipo galimoto yonse imaoneka ngati chidole choumba ndi dothi. Kawirikawiri wosinthayo anatenga burashi, kapena leya yodzaza mtundu umodzi, n'kupaka thupi lonse la galimoto ngati akupenta khoma. Malangizo awa ndi a njira ina, yosapaka kalikonse pamwamba. Tigwiritsa ntchito Photoshop, ndipo chitsanzo chathu ndi galimoto yofiira imene yaima pamsewu wa phula masana, yomwe tikufuna ikhale yabuluu wakuda.

Tisanagwire batani lililonse, pali chinthu chimodzi choyenera kuchimvetsa bwino, chifukwa ntchito yonse yatsamira pamenepo. Penti wa galimoto ali ndi zigawo. Pansi pali penti wa mtundu, pamwamba pake pali vanishi woonekera mkati, wosalala ngati galasi. Kuwala kukafika pagalimoto kumagawikana pawiri. Kwina kumalowa m'vanishi, kukafika pa penti wa mtundu n'kubwerera kuli kofiira. Kwina sikulowa n'komwe: kumanjanja pamwamba pa vanishi n'kubwerera ndi mtundu umene kunabwera nawo. Ngati kwachokera kumtambo kumabwerera kuli koyera, ngati kwachokera kuthambo kumabwerera kuli kwabuluu. Mukayang'ana penti molunjika, kuwala konjanjaku n'kochepa, pafupifupi magawo 4 pa 100 alionse. Mukayang'ana mopendekera, monga mmene timaonera boneti ndi denga tikaima kutsogolo kwa galimoto, kumachuluka kwambiri mpaka penti amaoneka ngati kalilole.

Choncho pikiselo iliyonse ya pathupi la galimoto ndi kuwala kuwiri kophatikizana: kwa penti ndi kwa zinthu zimene zikudziona mu pentiyo. Galimoto yofiira itapentedwadi buluu, mtambo wa paboneti ukanakhalabe woyera. Ife tikufuna kusintha gawo loyambalo basi. Kromu, chitsulo chonyezimira ngati kalilole chija cha pa mabampala ndi zogwirira zitseko, ndiye alibiretu mtundu wakewake. Chilichonse chooneka pa iye n'chobwereka kwa zimene zamuzungulira.

Yambani ndi kuyeza

Tsegulani chithunzi. Ngati muli ndi fayilo ya RAW, imene imasunga chithunzi mmene kamera inachijambulira chisanakonzedwe, yambirani pamenepo, chifukwa JPEG siisunga mitundu mosamalitsa ngati mmene imasungira kuwala, ndipo zimenezi zimadzaonekera m'mphepete. Pitani ku Image > Mode > 16 Bits/Channel. Izi zimathandiza kuti pamalo pamene mtundu ukuzilala pang'onopang'ono, monga pachitseko, pasatuluke mizeremizere.

Kenaka tengani Color Sampler Tool, yomwe ili m'gulu limodzi ndi Eyedropper. Pamwamba ikani Sample Size pa 5 by 5 Average, kuti musayeze kachitsotso kamodzi. Dinani malo atatu. Oyamba akhale pakati pa chitseko, pamene pali penti weniweni wopanda chooneka mkati mwake. Achiwiri akhale paboneti pamene pakuoneka thambo. Achitatu akhale pamene dzuwa lathwanima kwambiri, monga pamphepete mwa denga. Tsegulani Info podina `F8`. Pa chithunzi chathu manambala ali motere:

```
#1  R 180   G 25    B 30
#2  R 240   G 115   B 160
#3  R 250   G 248   B 247
```

R, G ndi B ndi matchanelo atatu a chithunzi, osonyeza kuchuluka kwa kufiira, kubiriwira ndi buluu kuyambira 0 mpaka 255. Taonani bwino malo oyambawo. Penti wofiira ali pafupifupi yense mu tchanelo cha R. Mu G ndi B muli zochepa zedi. Tsopano onani malo achiwiri. R wakwera ndi 60, G ndi 90, B ndi 130. Kukwera kumeneko ndilo thambo, lawonjezeka pamwamba pa penti. Apa ndiye pali mwayi wathu: pa galimoto yofiira, matchanelo a G ndi B asunga kale zonse zonyezimira, pafupifupi popanda penti. Mukapita ku Channels n'kudina Green mudziona nokha: galimoto ioneka yakuda, yopukutidwa bwino, mitambo ndi mitengo zili mbee pathupi pake. Ine ndimayang'ana tchanelo chimenechi nthawi zonse ndisanayambe, chifukwa chimandiuza zimene ndiyenera kuteteza.

Muonenso ngati pali malo a penti pamene R wafika 255 pa dera lalikulu. Galimoto yofiira padzuwa lowala imachita zimenezi kawirikawiri. Pamenepo kamera inadzaza, mawonekedwe a kupindika kwa chitsulo anatayika, ndipo mukasintha mtundu padzakhala chigamba chosalala. Ngati muli ndi RAW, bwererani mukatsitse Exposure kapena Highlights musanapitirire.

Dulani thupi la galimoto

Ili ndi gawo lodya nthawi, ndipo palibe chidule chimene ndingachikhulupirire kotheratu. Select > Color Range imagwira zofiira mwachangu, koma imagwiranso magetsi a kumbuyo, n'kusiya malo amene penti wazilala chifukwa cha thambo. Zotsatira zake n'zakuti masiki, chophimba chimene chimasankha malo oti asinthe, imakhala yobookabooka, ndipo m'mabowomo mumatsala pinki. Object Selection Tool imagwira galimoto yonse, matayala ndi magalasi omwe. Ingathandize poyambira, koma kumaliza kumafuna Pen Tool.

Dinani `P`, pamwamba musankhe Path. Kulitsani chithunzi kufika pa 200 peresenti, ndipo zungulirani kunja kwa thupi lonse lopentedwa: boneti, denga, zitseko, mabampala, ndi zikuto za magalasi a m'mbali ngati zili zofiira. Ikani timfundo tochepa. Mzere wa denga umafuna tiwiri kapena titatu tokha, kokani zogwirira zake kuti upindike wokha. Timfundo tikachuluka mzere umakhala ndi mabampu. Malo onyezimira a pa penti musawadumphe, alowetseni onse mkati. Ambiri amalakwira pano poganiza kuti kuteteza mtambo wa paboneti ndi kuudula. Mtambowo uli pamwamba pa penti wofiira, ndipo kufiirako kukuonekerabe mkati mwake.

Mukatseka mzere, usungeni mu Paths podina kawiri pa Work Path, kenaka `Ctrl+Enter` kuti usanduke chosankhidwa. Mu Layers pangani gulu lopanda kanthu ndi kabatani ka foda, n'kudina Add layer mask. Masiki ikhale pa gulu, osati pa leya imodzi. Mukatero zonse zimene muziika m'gulumo zizitsata malire amodzi, ndipo mukakonza malire mwakonzera zonse.

Tsopano chotsani zosayenera kusintha. Pa masiki, choyera chimalola kusintha, chakuda chimaletsa. Zungulirani ndi Pen Tool chimodzichimodzi: magalasi onse, nyali zakutsogolo, magetsi ofiira a kumbuyo, ma indiketa, nambala puleti, chizindikiro cha kampani, zogwirira zitseko, timizere ta kromu tozungulira mawindo, ndi zitsulo za pamphuno pa galimoto. Chilichonse mukazungulira, `Ctrl+Enter`, dinani pa masiki, kenaka Edit > Fill ndi Black. Magetsi a kumbuyo musawaiwale. Galimoto yabuluu ya magetsi a mabuleki abuluu kulibe pamsewu, ndipo diso la munthu aliyense limagwira zimenezo msanga.

Kuti muone masiki yokha, gwirani `Alt` n'kudina pa kachithunzi kake. Batani la `\` limaonetsa masiki ngati utoto wofiira pamwamba pa chithunzi, zomwe pa galimoto yofiira sizithandiza. Pomaliza, mu Properties ikani Feather pakati pa 0.5 ndi 1 px. Palibe mphepete ya m'chithunzi imene ili yakuthwa ngati lumo, ndiye masiki yakuthwa kwambiri imaoneka ngati chinthu chomata.

Samutsani penti, musapake

M'gulu muja ikani leya ya Channel Mixer, kuchokera ku Layer > New Adjustment Layer. Chida chimenechi chimamanga tchanelo chilichonse chatsopano potapa m'matchanelo atatu akale. Pamwamba pali Output Channel, pansi pali Red, Green ndi Blue, ndi nambala yotchedwa Total. Lamulo lake ndi limodzi, ndipo ndilo mtima wa njirayi: Total wa tchanelo chilichonse akhale 100 peresenti. Total akakhala 100, chilichonse choyera, chotuwa kapena chakuda chimatuluka mmene chinalowera, chifukwa pa zinthu zotero R, G ndi B n'zofanana, ndipo kaya mutape bwanji mupeza nambala yomweyo. Ndiye kuti kuthwanima kwa dzuwa, mtambo woyera, ndi mizere yakuda ya pakati pa zitseko zadziteteza zokha.

Lembani manambala awa:

```
Output Red:    Red +10   Green +90   Blue 0
Output Green:  Red +25   Green +75   Blue 0
Output Blue:   Red +60   Green -60   Blue +100
```

Tiyeni tione zimene zachitika. Pa chitseko paja R anali 180, G anali 25. Kusiyana kwake, 155, ndiye penti wofiirayo. Mzere woyamba ukunena kuti mu R mutsale chigawo chimodzi mwa magawo khumi a penti ameneyu, zotsalazo zitengedwe ku G, komwe kuli zonyezimira zokha. Mzere wachiwiri ukupatsa G kotala ya penti. Mzere wachitatu ukusiya B mmene analili, n'kumuwonjezera magawo 60 pa 100 a penti. Green -60 ali pamenepo kuti chowonjezekacho chikhale penti yekha, osati kuwala kwa mtambo. Mukayang'ana mu Info muona manambala akale ndi atsopano atayandikana. Chitseko chachoka pa 180, 25, 30 kufika pafupifupi pa 41, 64, 123, buluu wakuda wokongola. Malo othwanima aja sanasunthe kwenikweni, ali cha pa 248, 249, 248. Thambo la paboneti, lomwe linali lapinki pa 240, 115, 160, lafika cha pa 128, 146, 235: likadali lowala kuposa chitseko, ndipo tsopano likuoneka ngati thambo lodziona mu penti wabuluu.

Masamu amenewa sali ndendende ngati mmene kuwala kumaphatikizirana kunjaku, chifukwa manambala a mu fayilo sakwera mofanana ndi kuchuluka kwa kuwala. Koma amayandikira mokwanira kuti diso livomere, ndipo amayandikira kwambiri kuposa utoto wopaka pamwamba.

Mukafuna mtundu wina simuyenera kulota. Sankhani manambala a mtundu umene mukufuna pachitseko, ndipo pa tchanelo chilichonse dzifunseni kuti pa 155 uja mukufunika zingati. Tinene kuti mukufuna wobiriwira wakuda wa 40, 110, 60. Mu R mukufuna 15 pamwamba pa 25, ndiye pafupifupi 10 peresenti. Mu G mukufuna 85 pamwamba pa 25, ndiye 55 peresenti. Mu B mukufuna 30 pamwamba pa 30, ndiye pafupifupi 20. Manambala amenewo ndi a Red m'mizere itatu ija, ndipo Green mumamukonza kuti Total abwerere pa 100: 90 pa woyamba, 45 pa wachiwiri, -20 pa wachitatu. Ndipo mukaika Red pa 0 m'mizere yonse, Green pa 100 m'mizere iwiri yoyamba ndi pa 0 mu wachitatu, penti amachokeratu, n'kutsala galimoto yakuda yonyezimira, mitambo yake yonse ili m'malo. Tsiku limene ndinaona zimenezi koyamba ndinasiya kugwiritsa ntchito burashi posintha mtundu wa penti.

Wina afunsa kuti bwanji osangogwiritsa ntchito Hue/Saturation. Imagwira ntchito, makamaka mukasankha Reds m'malo mwa Master n'kukoka Hue, ndipo nayonso imasiya zoyera zili zoyera. Vuto lake lili pa malo osakanikirana. Pinki wa paboneti uja amakhala kumalire a zimene Reds amagwira, ndiye amasintha mwatheka, n'kutuluka chibakuwa kapena mizere yothothoka. Mukatambasula malire ake zimachepa, koma amayamba kutembenuza ndi thambo lomwe. Ndipo Colorize musayiyatse pa ntchito iyi: imapereka mtundu umodzi ku chilichonse, thambo, mitengo ndi nyumba zonse zooneka mu penti.

Malo owala kwambiri

Channel Mixer imasiya zotuwa, koma zonyezimira zokhala ndi mtundu wakewake imazisuntha pang'ono. Kuwala kwachikasu kwa dzuwa lolowa, kapena khoma lobiriwira looneka pachitseko, kumasintha maonekedwe ngakhale sikumayenera. Pamene kunyezimira kwakula mpaka penti sakuonekanso, ndi bwino kubweza chithunzi choyamba. Izi zimachitika ndi Blend If.

Dinani kawiri pambali pa dzina la leya ya Channel Mixer kuti Layer Style itseguke. Pansi pali Blend If, ndi mizere iwiri. Wathu ndi Underlying Layer. Ambiri amasiya pa Gray. Pa galimoto yofiira sankhani Green, chifukwa taona kale kuti G ndiye muyeso wa kunyezimira: ali pansi pamene pali penti yekha, amakwera pamene pali chonyezimira. Gwirani `Alt` n'kukoka theka la kakona koyera ka kumanja kuti kagawike pawiri. Theka limodzi likhale cha pa 190, linalo cha pa 240. Tanthauzo lake n'lakuti pamene G ali pansi pa 190 kusintha kugwire kwathunthu, pamwamba pa 240 kusagwire konse, ndipo pakati pake kuzilale pang'onopang'ono. Mukapanda kugawa kakonako pamatuluka malire okhakhala ngati mapu.

Apa ndi pamene ambiri amapyola muyeso. Amakokera kakonako kumanzere kwambiri, mwina mpaka 100, pofuna kusunga zonyezimira zonse. Zikatero thambo la paboneti lija, lomwe G wake ndi 115, limayamba kubwerera ku chithunzi choyamba, ndipo m'chithunzi choyamba linali lapinki. Galimoto yabuluu imatuluka ndi zigamba zapinki paboneti ndi padenga. Mukangoona kufiirira kulikonse pa malo owala, kokerani kakona kumanja mpaka kuzimiririke. Pa zithunzi zina mupeza kuti Blend If siyikufunika n'komwe, ndipo palibe cholakwika kuisiya.

Yang'ananinso ngati B sanadzaze. Pikiselo ya 250, 140, 200 ikadutsa mu manambala athu aja B wake amapyola 255, ndiye amadulidwa, ndipo pamalopo pamakhala buluu wosalala wopanda tsatanetsatane. Mukaona zotero tsitsani mzere wachitatu kukhala Red +50 ndi Green -50.

Ngati buluu akuoneka wakuda kwambiri kapena wotumbuluka, ikani leya ya Curves m'gulu lomwelo, pamwamba pa Channel Mixer, ndipo Blend Mode yake ikhale Luminosity kuti isasokoneze mtundu. Khomani kamfundo kumtunda kwa mzere, cha pa 200, kuti malo owala asasunthe, kenaka kwezani kapena tsitsani cha pa 60 pamene pali penti. Pang'ono pokha.

Kubwerera ku kromu

Tinaphimba kromu yense ndi chakuda, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Thambo labuluu pa bampala ya kromu, tinene 60, 90, 130, likadutsa mu Channel Mixer yathu limakhala cha pa 87, 83, 112, lofooka ndi lotuwa. Kromu amaoneka kuti ndi kromu chifukwa cha kusiyana kwakukulu kwa thambo lowala kumtunda ndi nthaka yakuda kumunsi, ndiye sitifuna kumukhudza.

Koma kromu ndi kalilole, ndipo chinthu chimene chili pafupi naye kwambiri ndi galimoto yomweyo. Kulitsani chithunzi pa chogwirira chitseko. Muona kamzere kofiira m'mphepete mwake, komwe ndi chitseko chikudziona. Chimodzimodzi pamwamba pa bampala, m'mbali mwa nyali, ndi pa malimu ngati ali onyezimira. Timizere timeneti tikatsala tofiira pa galimoto yabuluu, woona sadziwa chimene chalakwika, amangomva kuti pali chinachake chosakhala bwino.

Dinani pa masiki ya gulu, tengani burashi ndi `B`, mtundu woyera, Hardness cha pa 30, Flow cha pa 20, kukula kwake kongokwana kamzereko. Pakani pa zofiira zokha. Simukupaka buluu, mukungotsegula kabowo kuti Channel Mixer ifikepo, ndipo popeza imasiya zoyera ndi zotuwa, burashi ikaphonya pang'ono n'kukhudza pothwanima sipawonongeka kanthu. Mukakhudza thambo la pa kromu n'kuona lafooka, dinani `X` kuti burashi ikhale yakuda, mubweze.

Ndi burashi yomweyo zungulirani malo ena amene kufiira kumabisala. Pansi pa galasi lakutsogolo nthawi zina pamaoneka boneti. Pa windo la chitseko pamaoneka chikuto cha galasi la m'mbali. Kudzera m'mawindo mungaone mafelemu opentedwa a zitseko za mbali inayo. M'mipata ya zitseko ndi m'kati mwa malo a matayala mumakhala penti wamdima. Ndipo pansi: galimoto yofiira padzuwa imaponya kufiira pang'ono pa phula pafupi nayo, ndipo ngati msewu uli wonyowa galimoto yonse imaoneka m'madzimo. Pa phula gwiritsani ntchito burashi yaikulu yofewa, Hardness 0. Phula ndi lotuwa, ndiye lisintha pokhapo pamene panali kufiira.

M'mphepete

Mukakulitsa chithunzi mupeza kamzere kofiira kopyapyala kozungulira galimoto, makamaka padenga ndi pa fayilo ya JPEG, momwe mtundu umadutsa malire ndi pikiselo imodzi kapena ziwiri. Chochita chimadalira chimene chili kuseri. Ngati kuseri kuli phula, khoma lotuwa, tayala kapena mtambo woyera, kulitsani masiki mopanda mantha: sankhani dera limenelo ndi Lasso, dinani pa masiki, kenaka Filter > Other > Maximum ndi Radius ya 1 px. Choyera chikula pang'ono n'kumeza kamzereko, ndipo zotuwa za kuseri sizisintha.

Ngati kuseri kuli udzu kapena masamba, samalani. Udzu wa 60, 110, 40 ukalowa mu Channel Mixer yathu umasanduka cha pa 105, 98, 10, wachikasu chakuda, ndipo galimoto imazunguliridwa ndi mkombero wonyansa. Pamenepo gwirani ndi burashi yaing'ono. Dinani pa mfundo imodzi, gwirani `Shift` n'kudina patsogolo, burashi ijambula mzere wowongoka pakati pake. Mukayenda timitunda tifupitifupi mutsata ngakhale mopindika.

Kufufuza zotsala

Diso likayang'ana chithunzi kwa ola lathunthu limazolowera, silionanso zolakwika. Pamwamba pa zonse, kunja kwa gulu, ikani leya yongoyesera ya Hue/Saturation n'kukweza Saturation kufika +100. Chithunzi chioneka choipa, koma kufiira kulikonse kotsala kufuula. Zofiira zololedwa ndi magetsi a kumbuyo ndi zinthu za kunja zimene zinali zofiira kale. Konzani zimene mwapeza, kenaka tembenuzani Saturation yomweyo kufika -100 kuti chithunzi chikhale chopanda mtundu. Zimitsani ndi kuyatsa gulu lija kangapo mukuyang'ana boneti. Penti akhoza kuda kapena kuwala pang'ono, koma mtambo uliwonse, mzere uliwonse wa kuwala ndi kupindika kulikonse kwa chitsulo ziyenera kukhala pamalo pomwepo. Ngati china chikuzimiririka mukayatsa gulu, pamenepo pali podzaza kapena Curves yapyola. Mukatha chotsani leya yoyeserayo.

Nthawi zina penti watsopano amaonetsa timabokosi kapena timadontho tomwe mu wofiira simunkaoneka, makamaka mukapita ku mtundu wakuda. Timachokera mu G ndi B, matchanelo amene analandira kuwala kochepa. Pangani kope ya leya ya chithunzi pansi pa gulu, ipititseni mu Filter > Camera Raw Filter, ndipo pa Detail kwezani Color Noise Reduction cha pa 25 mpaka 40. Osakweza kwambiri kuchotsa timadontho ta kuwala, chifukwa penti wa timiyala tonyezimira angasalale ngati sopo.

Sungani ntchito ngati PSD kuti maleya akhalepo. Mtundu wina ukafunika mungosintha manambala asanu ndi anayi aja. Kope yotumiza ituluke kudzera ku File > Export > Export As, bokosi la Convert to sRGB lili lochongedwa. Ogwiritsa ntchito GIMP apeza chida chomwechi pa Colors > Components > Channel Mixer, kumene 10 peresenti imalembedwa 0.10 ndipo manambala atatu a tchanelo chilichonse akaphatikizidwa ayenera kukwana 1.0. Gwirirani pa kope ya leya yokhala ndi masiki yake. Blend If kulibe kumeneko, ndiye malo owala kwambiri mubweze ndi burashi yakuda yofewa pa masiki.

Pamene njirayi siikwana

Zonsezi zatheka chifukwa penti wofiira amakhala mu tchanelo chimodzi. Pa galimoto yabuluu wowala nzeru yake ndi yomweyo, kungoti penti ali mu B, ndipo tchanelo chosunga zonyezimira ndi R. Chovuta n'chakuti thambo nalonso ndi labuluu, ndiye gawo lina la thambo lisamuka limodzi ndi penti. Kuchoka pa wofiira kupita pa woyera sikukwanira: ngakhale mutapereka penti yense ku matchanelo onse atatu, chitseko chathu chingofika pa 180, 180, 185, chotuwa chowala, ndipo mukachikweza ndi Curves zonyezimira zimamira m'kuyerako.

Galimoto yoyera, yasiliva kapena yakuda ilibe kusiyana kwa matchanelo koti musamutse, ndiye Channel Mixer ya Total 100 siichita kanthu. Pa yoyera kapena yasiliva, masiki ndi yomweyo, koma m'gulu muikemo leya ya Solid Color pa Multiply. Leya imeneyi idetsa ndi zothwanima zomwe, ndiye muzibweze: pangani kope ya chithunzi choyamba pamwamba pake, ichotseni mtundu, ndi Levels kokani kakona kakuda mpaka patsale malo othwanima okha pa mdima, kenaka iikeni pa Screen. Penti woyera saonetsa zonyezimira zambiri, choncho galimoto yotuluka pamenepo imaoneka yosapukutidwa kwenikweni, ndipo mitundu yowala imaikhala bwino kuposa yakuda. Pa yakuda zinthu zimatembenuka: zonyezimira zilipo zambiri koma pansi pake palibe kuwala kwa penti, ndiye mtundu muyenera kuwonjezera. Ikani Solid Color yamdima, monga 90, 10, 15, pa Screen kapena Linear Dodge (Add), ndipo pa masiki yake detsani kumunsi kwa zitseko ndi m'mipata ndi burashi yofewa, chifukwa mtundu wowonjezedwa mofanana paliponse umafafaniza mithunzi. Imani pa mitundu yamdima monga wofiira wakuda kapena buluu wakuda. Mukafuna wachikasu kapena woyera, funani chithunzi china cha galimoto ya penti wowala.